Kukonza ulaliki wa m'mawa wa Pasaka pa Yohane 20:1-18, ana ndi agogo ali m'tchalitchi chimodzi

M'mipingo yambiri ya mu Mzuzu, pa Lamulungu la Pasaka ana a Sande sukulu satuluka kupita ku makalasi awo. Amakhala pamphasa kutsogolo, miyendo ili m'khosi, kuzizira kwa m'mawa kukuwaluma. Kumbuyo kwawo kuli amayi a chigwirizano, kenako abambo ena amene anaponda m'tchalitchi komaliza pa Khirisimasi, achinyamata ndi ophunzira a ku yunivesite ku Luwinga mafoni ali m'manja, ndi agogo amene ulaliki wa Pasaka aumva kopitirira ka 60. Mlaliki ndi mmodzi, nthawi ndi yochepa chifukwa makwaya onse akonza nyimbo, ndipo mwina pali Mgonero kapena ubatizo. Malangizo awa ndi a abusa, akulu a mpingo ndi alaliki amene apatsidwa gome tsiku limeneli.

Cholakwika chofala ndi kuudula ulaliki m'magawo: mawu a ana, kenako a achinyamata, kenako a makolo. Mukamalankhula ndi gulu limodzi, enawo amadziwa kuti si nthawi yawo ndipo maganizo amapita ku nkhuku imene yasiyidwa pamoto. Chimene chimagwira anthu a misinkhu yonse pamodzi ndi nkhani imodzi yokambidwa bwino, yokhala ndi funso limodzi lomwe yankho lake likuchedwa kufika. Pa Yohane 20 funsolo lilipo kale, ndipo ndi la Mariya wa ku Magadala: mtembo uli kuti?

Sankhani ndime imodzi ndipo mukhale m'menemo

Alembi onse anayi a Uthenga Wabwino ali ndi nkhani ya manda: Mateyu 28:1-10, Marko 16:1-8, Luka 24:1-12 ndi Yohane 20:1-18. Werengani zonse zinayi Lolemba la sabata imeneyo, pepala lili pambali, mulembe zimene aliyense akunena. Mupeza kuti Marko akutchula mnyamata mmodzi wovala zoyera, Mateyu mngelo mmodzi amene anakunkhuniza mwala n'kukhalapo, Luka amuna awiri, Yohane angelo awiri, wina kumutu wina kumiyendo. Chivomezi ndi alonda zili mwa Mateyu yekha. Kudziwa izi kukuthandizani kuti musapange chisakanizo. Mlaliki akayamba ndi Yohane, n'kulowetsamo chivomezi, n'kubwereka funso la amayi la mwa Marko lakuti adzatikunkhunizira mwala ndani, wophunzira amene akutsatira pa foni amaona kuti zonenedwazo mulibe m'ndime yawerengedwa, ndipo amasiya kukukhulupirirani pa zinanso.

Kwa mpingo wosakanikirana, Yohane ndiye woyenera. Muli kuthamanga, muli mpikisano wa anthu awiri, muli nsalu zimene mungazionetse, muli kulira, ndipo muli munthu woitanidwa ndi dzina lake. Marko amathera pa amayi akuthawa ndi mantha osauza munthu kanthu, ndime yamphamvu kwambiri koma yofuna nthawi yofotokozera imene tsiku limeneli mulibe.

Werenganinso Yohane 19:38-42, ngakhale simudzaiwerenga pagome. M'menemo ndi mmene mukupezeka Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, manda atsopano a m'munda, ndi mure wosakaniza ndi aloe wolemera makilogalamu opitirira 30, kuposa theka la thumba la chimanga la makilogalamu 50. Munda umenewu ndiwo udzachititse Mariya kuyesa Yesu wosamalira munda.

Manda awo sali ngati athu

Mukati "manda", aliyense m'tchalitchimo akuona dzenje lokumbidwa ndi adzukulu, bokosi lotsitsidwa ndi zingwe, mtumbira wa dothi ndi nkhata za maluwa pamwamba. Ndi chithunzi chimenecho m'mutu, nkhani ya Yohane siimveka. Petro analowa bwanji m'manda? Wophunzira winayo anawerama n'kusuzumira chiyani? Mwana amaganiza kuti Petro anadumphira m'dzenje.

Muyenera kuchikonza chithunzichi msanga, ndipo mphindi imodzi ndi yokwanira. Nenani kuti anali kachipinda kosemedwa m'thanthwe, khomo lake lalifupi loti munthu wamkulu awerame polowa, lotsekedwa ndi mwala waukulu. Mtembo sunali m'bokosi ndipo sunakwiriridwe ndi dothi. Unakulungidwa m'nsalu n'kugonekedwa pamalo okhala ngati benchi la mwala. Musangofotokoza ndi pakamwa. Chokani pagome, mutambasule dzanja kufika m'chiuno posonyeza kutalika kwa khomo, muwerame ngati mukusuzumira. Ana akaona abusa awerama, amadzutsa mitu.

Dziwaninso kuti m'mabanja ambiri ana sapita kumanda. Ena mwa iwo sanaonepo maliro akuikidwa, pomwe ena anaika mayi awo chaka chatha. Musafunse ana kuti "ndani anapitapo kumanda?" Funso limeneli limadzutsa zinthu zimene simungazigoneke pa mphindi 20.

Manda opanda kanthu si nkhani yabwino pa iwo okha

Apa ndi pamene ulaliki wanu uyenera kukhazikika, ndipo ndi pamene alaliki ambiri amathamangapo. Timafuula kuti "manda ali pululu, aleluya!" ngati kuti aliyense woona manda otseguka amavina. Ganizani mmene zingakhalire kwathu kuno. Mayi apite m'mamawa kumanda a mwana wake amene anaikidwa dzana, apeze pafukulidwa, mtembo palibe. Palibe amene angaimbe nyimbo. Mudzi wonse ungagwedezeke, amfumu angaitanidwe, apolisi angabwere, ndipo m'manong'onong'o mungamveke mawu akuti ufiti. Anthu amene mukuwalalikira anamvapo nkhani za manda ofukulidwa, ndipo ambiri anakula akumva za akufa oyenda usiku.

Yohane akugwirizana nawo. Mariya ataona mwala wachotsedwa, sanaganize za kuuka. Anathamangira kwa Simoni Petro ndi wophunzira winayo n'kunena kuti amuchotsa Ambuye ndipo sitikudziwa kumene amuika. Maganizo amenewa akuwanena katatu m'ndimeyi: vesi 2 kwa ophunzira, vesi 13 kwa angelo, vesi 15 kwa Yesu mwini, pomuyesa wosamalira munda. Angelo awiri atakhala patsogolo pake sanathetse kulira kwake. Ngakhale kumuona Yesu ndi maso sikunathetse. Chinasintha zinthu ndi vesi 16, pamene anamuitana kuti "Mariya".

Choncho chiganizo chimodzi chimene ulaliki wonse ukutumikira chingakhale ichi: manda opanda kanthu anamusiya Mariya ndi funso, koma Yesu wamoyo womuitana ndi dzina ndiye anamupatsa yankho. Chilembeni pamwamba pa pepala lanu. Chilichonse chimene sichikuthandiza chiganizochi, ngakhale chikhale chokoma chotani, chisungireni Lamulungu lotsatira.

Pakati pa funso ndi yankho pali nsalu. Petro atalowa anaona nsalu zili pomwepo, ndi kansalu kamene kanali kumutu katapindidwa pa malo ake ake. Mfundo imene alaliki akhala akuitulutsa pano kuyambira kalekale, monga Yohane Krisostomo amene anamwalira mu 407, ndi yakuti wakuba sataya nthawi kuvula mtembo nsalu n'kupinda ya kumutu. Iyi ndi mfundo imene mwana wa zaka 8 angaimvetse ndipo wophunzira wa ku yunivesite angailemekeze. Koma musaikokere patali. Pali nkhani imene imazungulira pa mafoni chaka chilichonse yakuti mwa Ayuda bwana akapinda kansalu ka patebulo ankatanthauza kuti "ndibweranso". Ilibe maziko m'Malemba, ndipo kansalu ka mwa Yohane ndi ka kumutu kwa mtembo, osati kopukutira pakamwa. Isiyeni.

Za mizukwa musazizembe, komanso musakhalitsepo. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri zikukwana: amene Mariya anakumana naye sanali mzukwa, chifukwa anali woti n'kumugwira, ndipo pa Luka 24:39-43 anaonetsa manja ndi mapazi n'kudya nsomba yootcha pamaso pa ophunzira. Pamenepa pokha mungatuluke mwa Yohane, ndipo munene poyera kuti mwabwereka kwa Luka. Mukayamba kufotokoza za afiti mwatsatanetsatane, ana adzapita kunyumba ndi afitiwo, osati ndi Yesu.

Mawu anayi amene amapunthwitsa

Loyamba ndi "tsiku lachitatu". M'khutu la mwana likumveka ngati Lachitatu, tsiku la pakati pa sabata, ndipo amadabwa kuti nanga bwanji tikukondwerera Lamulungu. Werengani ndi zala pamodzi ndi ana: Lachisanu, chala choyamba, Loweruka, chachiwiri, Lamulungu, chachitatu. Akuluakulu amene amadzifunsa mumtima kuti maola ake sakukwana 72 auzeni mwachidule kuti Ayuda ankawerenga gawo la tsiku ngati tsiku, ndipo tsiku lawo linkayamba dzuwa likalowa.

Lachiwiri ndi "sabata". Ambiri amatcha Lamulungu kuti Lasabata, pomwe Sabata la Ayuda ndi Loweruka. Kuonjezera apo, "tsiku loyamba la sabata" la pa vesi 1 ena amalimva ngati Lolemba. Nenani mosazungulira kuti linali Lamulungu, kudakali mdima.

Lachitatu ndi mmene Yesu akuitanira Mariya pa vesi 15. Mabaibulo ena ali ndi mawu akuti "mkazi", amene m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku amamveka ngati chipongwe. Munthu saitana mayi wolira kuti "mkazi iwe". M'chinenero choyambirira sanali mawu achipongwe, ndipo Yesu anaitana nawo ngakhale amayi ake ali pamtanda. Pokamba nkhaniyo nenani kuti "Mayi, mukulira chiyani?" Zikatero kusintha kwa pa vesi 16 kumamveka kwambiri, chifukwa akuchoka pa ulemu wopatsa mlendo aliyense n'kufika pa dzina.

Lachinayi ndi mbiri ya Mariya mwiniyo. Musanene kuti anali mkazi woyendayenda. Malemba sakunena zimenezo. Luka 8:2-3 akuti ziwanda 7 zinatuluka mwa iye, ndipo anali mmodzi wa amayi amene ankathandiza Yesu ndi chuma chawo. Kumusakaniza ndi mayi wochimwa wa pa Luka 7 kunafala pambuyo pa ulaliki wa Papa Gregori mu 591.

Kagawidwe ka mphindi 22

Tiyerekeze mpingo wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, wa anthu ngati 300, ana 70 ali kutsogolo. Mwapatsidwa mphindi 25. Konzekerani 22, chifukwa kuseka, kuyankha kwa mpingo ndi maikolofoni yovuta zimadya zotsalazo. Ndime iwerengedwe ndi munthu wina ulaliki usanayambe, woti anaiyeserera, makamaka pa mawu akuti Raboni ndi Magadala.

Zofunika kubweretsa ndi ziwiri zokha: nsalu yoyera ya mamita awiri ndi mpango woyera. Loweruka madzulo ikani benchi pamalo pamene anthu akumbuyo angalione, ndipo mukhale pa mpando wotsiriza kuti muone nokha ngati likuonekadi. Nsaluzo muzibise mpaka nthawi yake. Musagoneke mwana pa benchi n'kumufunda nsalu ngati mtembo. Makolo ambiri amaona ngati mukumulosera imfa, ndipo mlandu wake umatha miyezi.

Mphindi 3 zoyamba ndi za mdima. Musayambe ndi moni wautali wotchula maudindo onse, wotsogolera mapemphero wachita kale zimenezo. Yambani ndi m'mawa umene anthu akuudziwa: nkhungu yakuta, udzu wanyowa, agalu akuuwa, mayi mmodzi akuyenda yekha kupita kumanda anthu asanadzuke. Funsani ana kuti ndani angatuluke yekha panja pa nthawi imeneyo. Adzapukusa mitu. Fotokozani za kachipinda ka m'thanthwe, ndipo mumalize ndi mwala wochotsedwa. Apa mpatseni mpingo mawu oti uzibwereza. Inu mukati "Mariya anati chiyani?" onse ayankhe kuti "Amuchotsa!" Adzawanena katatu nkhani isanafike pa dzina, monga Mariya anachitira.

Mphindi 5 zotsatira ndi za kuthamanga ndi nsalu. Ana amakonda kumva kuti wophunzira winayo anamupitirira Petro koma atafika anaima pakhomo, pomwe Petro anafika mochedwa, ali wefuwefu, n'kungolowa. Tulutsani nsalu muiyale pa benchi. Kenako tengani mpango muupinde pang'onopang'ono, osalankhula kanthu, muuike pawokha. Masekondi 15 a chete amenewa amagwira ntchito kuposa kukweza mawu. Funsani ana kuti: wakuba akalowa m'nyumba usiku, amayala bedi asanatuluke? Yankho lawo lidzaseketsa makolo, ndipo mfundo yafika kwa onse. Musabise vesi 9 ndi 10. Wophunzira winayo anaona n'kukhulupirira, komabe Malemba anali asanawamvetse, ndipo awiriwo anabwerera kwawo. Achinyamata amene ali ndi mafunso amapumira m'mwamba akamva kuti oyamba kufika pamandapo nawonso sanamvetse zonse tsiku lomwelo.

Mphindi 6 zapakati ndi za Mariya wotsala yekha akulira. Tsitsani mawu ndipo muyende pang'onopang'ono. Gawo ili ndi la akuluakulu, makamaka ofedwa, ndipo ana akhoza kuyamba kugwedezeka. Musawakalipire pagome. Konzani kuti aphunzitsi a Sande sukulu atatu kapena anayi akhale pakati pawo, ndipo kubwereza kwachiwiri ndi kwachitatu kwa "Amuchotsa!" kukhale muno, kuti ana akhale ndi chodikira. Nenani zimene ofedwa amadziwa: kuti anthu akabalalika pa siwa, achibale akakwera basi kubwerera ku Karonga kapena ku Lilongwe, pamatsala munthu mmodzi ndi zovala za malemu. Onetsani kuti angelo ndi Yesu anamufunsa chifukwa chimene akulirira, koma palibe anamudzudzula. Mawu akuti "Mkhristu salira" musawanene. Amavulaza, ndipo ndimeyi sikuwavomereza.

Mphindi 5 zotsatira ndi za dzina. Mariya wacheuka, waona munthu, wamuyesa wosamalira munda, wamupempha kuti ngati ndi iye wamunyamula anene kumene wamuika. Imani. Werengani mumtima mpaka 3. Kenako nenani dzinalo kamodzi, motsitsa, monga mmene mayi amaitanira mwana wake m'chigulu cha anthu pa depoti. Musalifuule. Alaliki ambiri amaononga malo amenewa chifukwa akhala akufuula kuyambira mphindi yoyamba, ndiye pofika apa alibenso pokwera kapena potsika. Mukhoza kulumikiza ndi Yohane 10:3, pamene mbusa amaitana nkhosa zake ndi maina. Ngati mukufuna kutchula maina a anthu kuti mfundo ifike pafupi, tchulani maina wamba a mitundu yosiyana, monga Chikondi, Tiwonge, Lusungu, osayang'ana munthu aliyense. Kutchula dzina la mayi amene wangofedwa kumene ndi kumuika pa mbalambanda.

Mphindi 3 zomaliza ndi za kutumidwa, mavesi 17 ndi 18. Yesu akumuuza kuti asamukangamire koma apite kwa abale ake. Amuna amene anamuthawa akuwatcha abale. Tsopano sinthani mawu obwereza aja. Funsaninso kuti "Mariya anati chiyani?" Mpingo udzayankha mwachizolowezi kuti "Amuchotsa!" Inu mupukuse mutu, muwerenge vesi 18, ndipo muwapatse atsopano: "Ndaona Ambuye!" Abwereze kawiri. Mukatero khalani pansi. Muuziretu wotsogolera kwaya kuti mawu amenewa ndiwo chizindikiro, kuti nyimbo iyambe pomwepo popanda wina kuimirira kudzafotokozanso ulaliki wanu.

Chinenero, mvula ndi magetsi

Mu Mzuzu mpingo wolankhula Chichewa umakhala ndi anthu ambiri amene kunyumba amalankhula Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, ndipo agogo obwera kudzacheza pa tchuthi mwina Chichewa amachimva mwa apo ndi apo. Ngati pali womasulira, nthawi imawirikiza kawiri, choncho mawu anu akhale a mphindi 11 kapena 12 zokha. Chodula choyamba ndi kufotokoza za maola 72 ndi mbiri ya Mariya. Nsalu ndi dzina musadule. Mukhale naye womasulirayo Loweruka, mumuuze pamene pali chete, chifukwa womasulira wachangu amadzaza chete aliyense ndi mawu ake. Ngati palibe womasulira, kuponyamo mawu ochepa a Chitumbuka pamalo oyenera, monga "dindi" potchula manda ndi "wawuka nadi" kumapeto, kumawabweretsa agogo aja pafupi. Muwatchule bwino kapena muwasiye.

Pasaka imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, nthawi imene mvula ya ku Mzuzu isanatsazike. Ikagwa pa malata opanda siling'i, mawu otsitsa a pa vesi 16 amatayika. Musalimbane nayo. Yambitsani kolasi imodzi yodziwika, mudikire ichepe, ndipo mupitirize pamene munalekera. Ikakana kuchepa, gawo la kulira mulifupikitse, mupite pafupi ndi anthu pakati pa mabenchi. Magetsi akazima chitani chimodzimodzi. N'chifukwa chake pepala lanu lisakhale la ziganizo zonse. Likhale tsamba limodzi la zilembo zazikulu lokhala ndi mawu asanu: mdima, nsalu, kulira, dzina, pita.

Kuyeserera ndi kudziwa ngati zikuyenda

Lachinayi kapena Loweruka lalikirani ulaliki wonse mokweza m'chipinda, wotchi ili patsogolo, nsalu zili m'manja. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo pakamwa amatenga nthawi yoposa imene diso limaganiza. Mukapitirira mphindi 22, pafupifupi nthawi zonse vuto limakhala poyambira. Kenako kambirani mwana wa zaka 9 kapena 10 nkhaniyo, mumufunse chimene chinaletsa Mariya kulira. Akayankha kuti "anaona angelo" kapena "anaona manda ali pululu", ndiye kuti gawo la dzina silinamveke, ndipo mwina mwawapatsa angelo nthawi yambiri.

Pa tsikulo yang'anani malo atatu. Ana akayamba kupita kuchimbudzi awiriawiri, mwakhalitsa pa kufotokoza ndipo muyenera kubwerera ku zimene Mariya akuchita. Mitu ya achinyamata ikawerama pa mafoni nthawi imodzi, mwina mwanena chinthu chimene akuchifufuza ngati chilidi m'ndimeyo, choncho tchulani nambala ya vesi. Agogo akamaika dzanja kukhutu, vuto si mfundo koma liwiro. Chepetsani, ndipo maikolofoni muitalikitse pang'ono ndi pakamwa kuti mawu asamachite phokoso m'masipika.